Makadi atatu aja amva mbali yako yokha

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kuno ku Zomba. Tonse tili bwino, kupatula bondo la bambo ako lomwe layambiranso kuvuta ndi chisanu cha mwezi uno. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa Lamulungu lija iwe unkalira, ine n'kumangokalipa za marandi 400 amene unalipira kwa mayi woyala makadi uja, ngati kuti nkhani inali ya ndalama. Ndinalakwa, undikhululukire. Nditadula foni ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, ndikulingalira mawu ako omaliza aja, akuti makadi anena kale ndiye palibenso choti ukambirane naye mnzako wa chibwenzi uja. Mawu amenewo ndiwo andilembetsa kalatayi.

Ukudziwa kumene ndimapemphera, ndipo ukudziwanso kuti ine sindikanakutuma kwa woyala makadi. Sindikhulupirira kuti pepala lojambulidwa lingaone za mawa. Koma unapita kale, zomwe unamva zili kale m'mutu mwako, ndipo kukuuza kuti uziiwale n'chimodzimodzi kuuza munthu woti waponda munga kuti aziyenda ngati sanaponde. Ndiye tiyeni tiuzule mungawo tiuone.

Makadi amenewa si achilendo kwa ine. Zaka zija ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Mangalande, ndinasamalirapo gogo wina amene anayala makadi a taroti moyo wake wonse. Manja ake anali atayamba kunjenjemera, choncho ndinkamusakanizira ndine, iye n'kumandiuza za chithunzi chilichonse. Makadiwo alipo 78. Mwa amenewa, 22 ndi akuluakulu, okhala ndi mayina monga Okondana, Nsanja, Mwezi ndi Imfa. Otsalawo, 56, amagawidwa m'magulu anayi: zikho, malupanga, ndodo ndi makobidi, gulu lililonse makadi 14. Anayambira kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera chabe, monga mmene achinyamata amatchayira makadi pamsika. Zoombeza nawo zinabwera mochedwa, ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Zithunzi zimene unandifotokozera ndazizindikira: ndi zija anajambula mayi wotchedwa Pamela Colman Smith, zomwe zinatuluka ku London mu 1909, ndipo ndi zomwe oyala makadi ambiri amagwiritsa ntchito lero. Ganizira zimenezo pang'ono. Mayi amene anajambula munthu wakuba malupanga uja anamujambula agogo ako asanabadwe. Sankamudziwa mnzakoyo.

Unati anakuyalira atatu: loyamba loimira iwe, lachiwiri loimira iye, lachitatu loimira kumene chibwenzi chanu chikulowera. La iwe linali la malupanga awiri, la iye la malupanga asanu ndi awiri, lachitatulo la zikho zisanu. Ndipo unati chinakuopsa kwambiri n'chakuti malupanga anatuluka kawiri. Mwanawe, malupanga alipo 14 pa makadi 78. Munthu aliyense akatola atatu, ngakhale amene banja lake lili pamtendere, mwayi woti lupanga lipezekepo n'ngwapafupifupi theka. Ukanapita Lachiwiri m'malo mwa Lolemba, kapena mayiyo akanasakaniza kamodzi kena, ukanabwerako ndi zithunzi zina, mwina za anthu awiri akupatsana zikho, n'kundiimbira foni ukuseka. Mnzakoyo akanakhala yemweyo, Loweruka lililonse akanapitabe kumene amapita. Chinthu chomwe chimasintha ndi dzanja losakaniza sichingakhale mboni pa mlandu wa munthu.

Koma unati mayiyo ananena zoona zokhazokha, ngati amakudziwa kuyambira kale. Ndikukhulupirira kuti unamvadi choncho. Tili kusukulu ya unamwino tinaphunzira za mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, amene mu 1948 anapatsa ophunzira ake 39 mafunso, kenako n'kupatsa aliyense pepala lomwe anati likufotokoza khalidwe la mwini wakeyo. Anawapempha kuti alipatse malikisi kuyambira 0 mpaka 5 malinga ndi mmene lalondolera. Pakatikati pa malikisi onse panali pafupifupi 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira pepala limodzimodzi, mawu omwewo. Munali mawu monga akuti umadzidzudzula wekha kwambiri, kapena kuti nthawi zina umakayika ngati unasankha bwino. Ndani sangavomere? Ukauza mtsikana wa zaka zako, amene ali kutali ndi kwawo ndipo walipira ndalama kuti afunse za chikondi, kuti pali zomwe mwamuna wake sakumuuza, wamuuza zoona. Palibe mwamuna amene amauza mkazi wake zonse, ndipo palibe mkazi amene amauza mwamuna wake zonse.

Tsopano pano mpomwe ndikusiyana ndi azakhali ako, amene akanangoti zonsezo n'zachabe, basi. Si zachabe. Mayiyo anayankhula nawe mphindi makumi anayi, ndipo pa zonse zimene ananena, iwe unandiuza zitatu zokha, ndipo pa zitatuzo mpomwe mawu ako ankanjenjemera. Zina zonse zinakudutsa ngati madzi pa tsamba la koko. Zitatu zinakubayazo sizinakubaye chifukwa makadi ndi anzeru. Zinakubaya chifukwa zinakhudza pabala lomwe linalipo kale, lomwe wakhala ukulibisa miyezi inayi. Phindu la marandi ako ndi limenelo: tsopano ukudziwa pamene pali bala. Gogo uja wa ku Mangalande ankanena zofanana ndi zimenezi. Anthu akamufunsa ngati asiye amuna awo, ankakana kuyala, n'kuwauza kuti asinthe funso, afunse chimene akuopa kunena kunyumba.

Ndiye chita izi. Tenga kope, osati foni, ukhale wekha madzulo amodzi. Lemba zonse zimene ukukumbukira kuti mayiyo ananena, mmene ananenera. Ukatha, bwerera pamwamba ndi kufunsa pa mzere uliwonse kuti, kodi izi ndinayamba kumuuza ndine? Unandiuza wekha kuti asanayale anakufunsa chakubweretsa, ndipo unamufotokozera za mafoni oyankhira panja ndi za Loweruka. Ndiye pamene anatembenuza khadi lachiwiri n'kunena kuti munthuyu amayenda mobisa, anakubwezera katundu wako yemwe, atangomukulunga m'nsalu ina. Sindikunena kuti ndi wakuba, mwina amakhulupiriradi zimene amachita. Ndikungoti uzindikire mawu ako akamabwerera kwa iwe kudzera m'kamwa mwa wina, chifukwa akabwerera choncho amamveka ngati anthu awiri agwirizana, pamene ndi munthu mmodzi yemweyo.

Kenako fufuta mizere ya mitundu iwiri. Fufuta uliwonse wonena za mumtima mwa mnzakoyo, monga wakuti sakukukondanso kapena wakuti pali mkazi wina woyera. Fufutanso uliwonse wonena za m'tsogolo, monga wakuti pofika Disembala mudzakhala mutasiyana. Mizere imeneyi mayiyo alibe njira yoidziwira, ndipo ndi imene imaononga. Ya m'tsogoloyo ndi yoopsa mwapadera chifukwa imadzikwaniritsa yokha. Ukakhulupirira kuti mudzasiyana mu Disembala, mu Ogasiti uyamba kuzizira, mu Okutobala iye aona kuti wazizira n'kuyamba kufuna kofunda kwina, ndipo mu Disembala udzandiimbira kuti amayi, makadi aja sananame. Zotsala ukafufuta ndi zonena za iwe, ndipo zimenezo ndiwe wekha ungaweruze ngati zili zoona.

Tiyeni tiwaone makadi akowo limodzi ndi limodzi, ndipo ndiyambira pakati, pa limene lakusowetsa tulo.

Khadi la malupanga asanu ndi awiri limaonetsa mwamuna akunyang'ama kuchoka pamsasa wa mahema, atanyamula malupanga asanu, awiri atawasiya ozikika pansi, iye akucheuka m'mbuyo. Oyala makadi amati ndi khadi la chinyengo, kapena la munthu wochita zinthu payekha osauza anzake. Waona kuti matanthauzowo ndi awiri? Mayiyo anasankha loyamba, iwe unalilandira chifukwa ndi lomwe unkaliopa. Tsopano tsegula tsamba latsopano ulembe zokhazo zimene waona ndi maso ako kapena kumva ndi makutu ako. Malinga ndi zomwe unandiuza, ndi izi: kuyambira mu Malichi, foni ikalira madzulo amatuluka kukayankhira panja. Loweruka masana sapezeka, amangoti ali ndi zochita. Miyezi itatu sanaponye gawo lake m'thumba lomwe munagwirizana kusunga limodzi. Ndipo mawu amene analonjeza pa Khirisimasi, oti atuma amalume ake kukaonana ndi amalume ako, sanawatchulenso. Zinayi zimenezi ndi zenizeni, ndipo si zazing'ono. Sindikukuuza kuti ukuganiza mopusa.

Koma taona zimene zingabereke zinthu zinayi zomwezo. Angakhale mkazi wina, inde. Ingakhalenso ngongole ya katapila, yomwe mwamuna amachita nayo manyazi kuposa chibwenzi chamseri. Angakhale matenda kumudzi kwawo, achibale akumuimbira usiku uliwonse kufuna ndalama. Kungakhale kubetcha kwa mpira pafoni komwe kwatha anyamata ambiri. Angakhale kuti maola ake kuntchito anachepetsedwa ndipo Loweruka amakagwira ganyu. Angakhalenso mwana amene anabereka kale asanakumane nawe, yemwe sanalimbe mtima kukuuza. Zina mwa izi ungakhale nazo, zina sungakhale nazo, ndipo palibe ngakhale chimodzi chomwe khadi lingasiyanitse ndi chinzake. Amene angasiyanitse ndi mwini wake, ukamufunsa. Safunsa anadya phula.

Ndikuuze kanthu kamene sunakamvepo. Iwe uli ndi miyezi isanu ndi itatu, bambo ako anayamba kufika usiku, ndalama ya ndiwo n'kuchepa. Mayi wina woyandikana nafe ananditengera kwa woombeza ula. Ndinalipira nkhuku. Anandiuza kuti pali mkazi chakumadzulo amene wamudyetsa mankhwala. Miyezi iwiri ndinkawaikira nsima patebulo osayankhula, ndikuyang'anitsitsa mkazi aliyense wochokera kumadzulo kwa mudzi, mpaka ndinasiya kupereka moni kwa munthu wosalakwa. Zinadzaululika pamaso pa ankhoswe kuti anakongola ndalama zoikira maliro a mchimwene wawo, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo madzulo ankakasoka zovala kwa telala wina kuti abweze. Usaganize kuti ndikuti mnzakoyo ndi wosalakwa ngati bambo ako. Bambo akowo analakwa ndithu, anandibisira, ndipo ndinawauza. Ndikudziwanso amayi ena amene anakayikira ndipo kukayikira kwawo kunali koona. Chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi miyezi iwiri ija, imene ndinali ndi yankho m'thumba ndisanafunse funso.

Choncho mzere wa khadi limeneli usanduke mawu oti ukanene. Osati akuti ukundinyenga, chifukwa amenewo ndi chigamulo, ndipo munthu akapatsidwa chigamulo amangodziteteza. Unene zimene waona ndi zimene zakuchita. Mwachitsanzo: "Kuyambira mu Malichi mumayankhira foni panja, Loweruka simupezeka, ndipo miyezi itatu simunaponye m'thumba lathu. Ine ndayamba kuganiza zoipa ndipo sindikugona. Ndikufuna mundiuze chimene chikuchitika, ngakhale chikhale chowawa." Ukanena zimenezo, khala chete. Apa mpovuta, chifukwa ndimakudziwa, unatengera ine, umadzaza bata lililonse ndi mawu. Werenga chamumtima mpaka makumi awiri ngati kuli kofunika. Mwamuna amene wanyamula chinthu miyezi inayi sachitula pa mpweya woyamba.

Tsopano khadi loyamba, limene unalidumpha mofulumira pafoni paja, ndipo ndinaona kuti walidumpha. Malupanga awiri: mkazi wakhala pampando wamwala, womangidwa nsalu m'maso, manja atapingasa pachifuwa, dzanja lililonse lili ndi lupanga, nyanja ili kumbuyo kwake. Amati ndi munthu amene akukana kuona kapena kusankha, amene watseka pachifuwa pake. Mayiyo anati iwe ukudziteteza, ndipo unati pamenepo unalira. Unalira chifukwa chiyani, mwanawe? Ine ndikuganiza kuti ndikudziwa, chifukwa unandiuza zinthu ziwiri chaka chino zomwe sindikukhulupirira kuti iye akuzidziwa. Unandiuza kuti ukufuna kubwerera kumudzi zaka ziwiri zikubwerazi, kuti watopa ndi Cape Town ndi mapepala ake, pamene iye amalankhula ngati adzakalambira komweko. Unandiuzanso kuti unatsegula foni yake ali m'bafa, kawiri, ndipo sunapezemo kanthu.

Ngati ukupita kukamupempha kuti atule zobisika zake, tenga zakozo upite nazo. Ukapanda kutero si kukambirana, ndi bwalo la milandu lomwe iwe ndiwe woweruza. Ndipo ndingakulangize kuti uyambe ndi zakozo. Umuuze kuti unatsegula foni yake, kuti unalakwa, ndipo unachita chifukwa cha mantha. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma munthu akaona mnzake wayamba kuvula yekha nsalu ya m'maso, kumakhala kosavuta kuti nayenso aike malupanga pansi. Nkhani yobwerera kumudziyo mwina ndi yaikulu kuposa ya Loweruka. N'kutheka kuti anaimva kale m'mayankhulidwe ako, ndipo ndi chifukwa chake za amalume zinazilala, poti munthu satuma ankhoswe kwa mkazi amene akuona kuti mwendo umodzi uli kale pa basi. Sindikudziwa mtima wake, monganso mayi uja saudziwa. Ndikungokuonetsa kuti funso limeneli liyenera kukhala pa tsamba lako.

Lachitatu sindichedwapo. Munthu wovala chakuda waweramira zikho zitatu zotayika, pamene kumbuyo kwake ziwiri zili chiimire, ndipo chapatali pali mlatho. Mayiyo anati ndi kulira kwa kusiyana. Wina akanakuuza kuti cheuka uone ziwiri zotsalazo. Onse awiri akanalondola mofanana, kutanthauza kuti palibe walondola. Chomwe ungatengepo n'chakuti ulembe, usanapite, zomwe zatayika pakati panu ndi zomwe zikadali chiimire, m'mawu enieni osati okometsera. Ngati pa zoimirira ukulephera kulemba ngakhale ziwiri, chimenecho n'chidziwitso chachikulu, ndipo chachokera kwa iwe.

Pali ntchito ina imene uyenera kuigwira wekha usanakumane naye, ndipo ndi imene makadi amakopa anthu kuti aithawe. Udziwiretu mayankho amene ungakhale nawo ndi amene sungakhale nawo. Akati ndi ngongole, kodi uli wokonzeka kuona mapepala ake ndi kudikira chaka chinkhoswe chisanachitike? Akati ali ndi mwana kumudzi, kodi chikukupweteka ndi mwanayo kapena kubisako? Akati pali mkazi wina koma wasiya, ukhala kapena uchoka? Akati iye kumudzi sabwerera, nanga? Sukuyenera kukhala ndi yankho lomaliza pa chilichonse, koma uziganizire uli wekha, mutu uli wozizira. Anthu ambiri amathamangira kwa woombeza chifukwa kusankha n'kolemera, ndipo n'kopepuka kunena kuti makadi anatero kusiyana ndi kunena kuti ndasankha ndine. Koma ukamusiya chifukwa cha khadi, zaka zisanu zikubwerazi usiku wina udzadzuka n'kudzifunsa ngati unamusiyira zoona, ndipo sipadzakhala wokuyankha. Ukakhala naye chifukwa khadi lina linati ndi wako, tsiku lomwe adzakulakwire udzapirira zosayenera kupirira poti zinalembedwa. Njira zonse ziwiri zimakulanda chinthu chimodzimodzi.

Za nthawi ndi malo. Usachite pa WhatsApp, ngakhale mawu ojambula. Usachite iye atangoweruka, kapena wina atamwa, kapena m'nyumba ija amakhala ndi anzake anayi momwe khoma limamva. Umuuziretu dzulo lake kuti uli ndi nkhani yofunika ndipo ukufuna ola limodzi, kuti asaone ngati wamutchera msampha. Lamulungu masana, pamalo poti mutha kukhala pansi anthu ali chapatali, mpabwino. Kope lija ulisiye kunyumba. Nkhani zikhale zitatu basi: zako zobisika, zimene waona kwa iye, ndi za amalume pamodzi ndi kumene mudzakhale. Zakale zonse, za tsiku lako lobadwa lomwe anaiwala chaka chatha, zisiye, zidzapeza tsiku lake.

Funso loti umuuze kapena ayi kuti unapita koyalitsa makadi, yankho langa ndi lakuti umuuze, koma osayambira pamenepo, ndipo osati ngati umboni. Ukangoti makadi akuti mukundinyenga, nkhani yonse isanduka ya makadi. Adzaseka, kapena adzakwiya kuti wakaulula za m'nyumba kwa mlendo, kapena adzaopa kuti wayamba zamankhwala, poti kwathu kuno munthu akamva kuti mkazi wake wapita koombeza amaganiza zambiri. Mudzakangana za mayi uja mpaka dzuwa kulowa, za Loweruka osazikhudza. Ukanene kumapeto, mwachidule, kuti unafika posowa mtengo wogwira mpaka unakalipira munthu kuti akuuze zomwe unkaopa kumufunsa iye. Zimenezo n'zoona, ndipo zikunena za kukula kwa mantha ako, osati za kulakwa kwake.

Akayankha, udzafuna kudziwa ngati wanena zoona, ndipo mwendo udzakuyabwa kuti ubwerere kwa mayi uja akatsimikize. Usapite. Choonadi cha mawu a munthu chimayesedwa ndi zinthu zogwirika. Ngongole imakhala ndi mwini wake, kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza. Ganyu amakhala ndi malo. Wodwala amakhala ndi dzina, ndipo ungamulankhule pafoni kumupepesa. Lonjezo la amalume limakhala ndi mwezi, ndipo mweziwo ukafika zimaoneka ngati munthu wabwera kapena ayi. Wonena zoona, ngakhale achite manyazi, amakulola kuona. Wonama amakwiyira funso lenilenilo, nkhani yake imasintha ukaifunsanso pakatha sabata, ndipo pomaliza umapezeka wopepesa ndiwe osadziwa chomwe wapepesera. Ndipo ngati nkhani ya mkazi wina ili ndi fungo la choonadi ngakhale pang'ono, ndikulankhula ngati namwino tsopano: mupite nonse kukayezetsa magazi, ndipo mpaka mutatero udziteteze. Kachilombo sikaoneka pa khadi.

Uchenjerenso ndi mayiyo akayamba kukuitana yekha. Woyala makadi amene amati pali mthunzi woipa pa chibwenzi chanu womwe angauchotse ukawonjezera ndalama, kapena amene amati usauze aliyense, kapena amene amakuuza kuti ubwere sabata iliyonse, ameneyo wasiya kukuthandiza kuganiza, wayamba kukukama. Iwenso udziyang'anire. Ukadzaona kuti ukufuna kuyalitsanso funso lomwelo chifukwa yankho loyamba silinakukomere, dziwa kuti sukufunanso nzeru, ukufuna chilolezo.

Chinthu chimodzi chokha chingafafanize zonse ndalembazi. Sunandiuzepo kuti anakuopsezapo kapena kukukweza dzanja, ndipo ndikukhulupirira kuti sanatero. Koma ngati chifukwa chenicheni chimene unapitira kwa mlendo m'malo mofunsa iye n'chakuti umamuopa, ngati pamene ukuwerenga za kukhala naye pansi m'mimba mwako mwachita kuzizira ndi mantha a thupi, usakakambe naye wekha. Undiimbire usiku womwewo, ndipo tiyambire pa chitetezo chako, zokambirana zibwere pambuyo kapena zisabwere n'komwe.

Amalume ako sindinawauze kanthu, ndipo sindiwauza mpaka iwe utandilola. Nkhani isanafike kwa ankhoswe imayenera kuyamba yafika kwa eni ake awiri. Bambo ako akudziwa kuti ndikukulembera koma akuganiza kuti ndi za malata a nyumba ija, ndiye ukaimba usadabwe akakufunsa za mitengo ya malata. Ufa ndi chambiko cha usipa zomwe unapempha ndapatsira mwana wa a Nachisale amene akukwera basi Lachinayi, ukamulandire ku siteshoni chifukwa katundu wamuchulukira. Ukakamba naye mnzakoyo undiuze, kaya zatha bwino kaya ayi, ngakhale pakati pa usiku. Foni ndimagona nayo pamutu.

Ndine mayi ako.